Kalata yati mavidiyo ni a mahala, nanga bandulo agula ndani?

Kalata yake ndi ya masamba awiri, yotaipidwa bwino, ndipo pamwamba pali kachizindikiro ka chanelo ya YouTube yophunzitsa masamu. Inafika pa sukulu ina ya boma ya sekondale muno mu Lusaka, m'komboni ina imene basi zambiri zochokera ku Kulima Tower zimadutsamo. Amene anandionetsa ndi mayi wina wa m'komiti ya makolo pa sukulupo. Sinditchula sukulu, mwini chanelo kapena kampani imene ili kumbuyo, chifukwa nkhaniyi ikali pa tebulo, komanso palibe amene waba kanthu. Ndailemba chifukwa makalata otere sadzathera pa sukulu imodzi, ndipo tsiku lina mwana wanu adzabwera ndi kapepala kakuti musaine.

Zimene mwini chanelo akupempha ndi izi. Afuna kujambula mavidiyo 30, iliyonse ya mphindi 10, ya masamu a Giredi 12. Kujambula kuzichitika pa Chiwelu m'kalasi imodzi ya pa sukulupo, aphunzitsi a pompo ali pa bolodi, ana 20 ali m'mayunifomu kumbuyo kwa madesiki. Mphunzitsi aliyense azilandira K300 pa vidiyo. Sukulu ipatsidwe pulojekita imodzi. Mbali yake, sukulu izitumiza malinki m'magulupu a WhatsApp a makalasi, ndipo mwana amene afuna kuyankha mafunso a kumapeto kwa phunziro azilemba dzina ndi nambala ya foni pa fomu. Ndalama zonse, kalata ikutero, zichokera kwa siponsa. Liwu lakuti mahala ndinaliwerenga kanayi. Dzina la siponsa sindinalipeze olo kamodzi.

Mwini chaneloyu ndinakumana naye m'tauni. Ndi mnyamata wa msinkhu wanga, anatsiriza kosi ya uphunzitsi ndipo akali kuyembekeza kulembedwa ntchito ndi boma. Masamu amawadziwa. Ndinaonera mavidiyo ake angapo, ndipo mmene amafotokozera latichudi ndi longichudi, atagwira lalanje m'manja, ngakhale ine amene masamu ndinawathawa kalekale ndinatsatira mpaka kumapeto. Ndikamba zimenezi poyambirira kuti musaganize kuti tikukamba za tsotsi.

Nditamufunsa za siponsa sanabise. Ati ni koleji ina yapulayiveti, ndipo dzina sanalembe chifukwa anali asanasainirane. Koleji yalonjeza K36,000 pa mavidiyo onse 30, kutanthauza K1,200 pa vidiyo. Pamenepo achotsapo K300 ya mphunzitsi ndi K200 ya thiransipoti ndi mnzake wogwira kamera, yatsala K700. Kukonza vidiyo ya mphindi 10, kudula pamene mphunzitsi watsokomola, kuyeretsa mawu, kuikapo manambala pa sikirini, ati kumamudyera maola anayi kapena asanu, magetsi akakhalapo. Sikuti alemerapo iyayi. Pulojekita nayo ati ndi koleji idzagula.

Manje funso limene a hedi anafunsa, ndipo ndi limene ine ndikanayamba nalo: koleji ikugula chiyani ndi K36,000?

Mbali ina ikuonekeratu. Vidiyo iliyonse iziyamba ndi masekondi 30 a uthenga wa koleji, ndipo chizindikiro chake chizikhala pa kona mpaka kumapeto. Izi sizachilendo, ndi mmene mapulogilamu a pa wailesi amayendera. Koma sukuluyi ili ndi makalasi 6 a Giredi 12, ana pafupifupi 70 m'kalasi, onse pamodzi 420. Gawani K36,000 ndi 420, mupeza pafupifupi K86 pa mwana mmodzi. Koleji siingalipire K86 kuti mwana aone chabe chizindikiro pa kona ya sikirini. Chimene chili ndi mtengo ndi kafomu kaja ka kumapeto: dzina, nambala ya foni, ndi umboni wakuti mwini nambalayo atsiriza sukulu chaka chino. Zotsatira za mayeso zikangotuluka, makolo 420 amakhala akusakasaka malo a ana awo, ndipo amene ali ndi manambala ndiye amayamba kuimba. Mnyamata uja anavomera kuti koleji inapemphadi kuti izipatsidwa mayina a amene ayankha mafunso. Iye sanaonepo vuto, ati kaili anawo afunika koleji.

Mwina afunikadi. Koma kalata sinakambe kuti manambala adzapita kwa wina, ndipo pamenepa mpamene lamulo limalowera. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinthu zokhudza munthu payekha, la nambala 3 la chaka cha 2021. Dzina, nambala ya foni ndi chithunzi cha nkhope zonse zili m'gulu limenelo. Lamuloli likuti wotenga zinthuzi anene chimene akuzitengera ndipo asazigwiritse ntchito ina, komanso ngati ndi za mwana, chilolezo chichokere kwa kholo kapena womusunga. Mwana, malinga ndi malamulo athu, samathera ku pulayimale. Ena a m'Giredi 12 ali ndi zaka 17, choncho siginecha yawo yokha siikwana. Ndipo chilolezo chakuti mwana ayankhe mafunso a masamu si chilolezo chakuti koleji izimuimbira foni. Ndi zinthu ziwiri, zofunika mizere iwiri pa pepala, kuti kholo lithe kuvomera china ndi kukana china.

Siponsa amene ndi koleji ali ndi kafunso kenanso kosavuta. Makoleji ndi mayunivesite apulayiveti amafunika kulembetsedwa ku bungwe la HEA, ndipo a ntchito zamanja ku TEVETA. Sukulu ya boma ikatumiza vidiyo yokhala ndi chizindikiro cha koleji m'gulupu ya makolo, kholo limamva ngati a hedi atsimikizira kolejiyo. Ngati pambuyo pake zadziwika kuti satifiketi yake siizindikirika, kholo silidzapita kukafuna mwini chanelo. Lidzabwera pa geti ya sukulu. Nchifukwa chake kalata yopanda dzina la siponsa, kwa ine, ndi kalata yosatha kulemba. Lero ni koleji. Siponsa ameneyu akachoka pakati pa chaka, ndani aletsa kuti malo ake atenge a kubetcha kapena a ngongole za pa foni? Kalata inafunika kutchula dzina, ndi kulemba mitundu ya malonda imene sidzaloledwa konse.

Tibwere pa liwu lija la mahala, chifukwa apa mpamene thumba lanu likhudzidwa. Mavidiyo 30 a mphindi 10 ndi maola 5. Pa YouTube, bandulo imatha malinga ndi mmene chithunzi chikuwalira. Mukaika pa 360p imadya pang'ono, koma vuto la masamu ndi lakuti zolembedwa pa bolodi sizioneka: 3 ndi 8 zimafanana, kanambala kakang'ono ka pamwamba kamasowa. Kuti muwerenge bwino choko pa foni, pafunika 480p kupita m'mwamba. Pa 480p, maola 5 amadya magiga pakati pa 2 ndi 3. Titenge 2.5. Ana 420 ndi magiga 1,050. Mtengo wa bandulo mumaudziwa nokha kuposa ine, koma tingoyerekeza K20 pa giga: yakwana K21,000, kapena K50 pa mwana. Ndiye kuti mwana aliyense waonera kamodzi chabe, pamene phunziro la masamu palibe amalimva kamodzi. Amabwereza, amaimitsa, amabwerera m'mbuyo mawa lake. Akaonera kawiri, makolo pamodzi alipira ndalama yoposa imene siponsa waika.

K50 ena aiona yochepa. Koma m'nyumba zambiri foni yaikulu ndi imodzi, ya amayi kapena atate, ndipo imachoka m'mawa kupita ku msika kapena ku ntchito, kubwera usiku batire ili pafupi kutha. Sukulu zambiri sizilola ana kubwera ndi mafoni. Kuchokera mu Januwale 2022, pamene boma linachotsa malipiro m'sukulu zake mpaka Giredi 12, makalasi anadzaza ndi ana amene kale akanakhala pa nyumba chifukwa cha ndalama. Anawa ndi amene afunika thandizo maningi, ndipo ndi omwewo amene linki siidzawafika. Mphunzitsi akangoti pa Mande, monga mwaonera mu vidiyo, kalasi yagawika pawiri.

Njira yochotsera vutoli ilipo ndipo aliyense wokwera basi amaidziwa, ndi mmene nyimbo zimayendera. Mwini chanelo apereke mafayilo enieni ku sukulu pa fulashi. Vidiyo ya mphindi 10 yopanikizidwa bwino imakwana mamegabaiti osafika 100, choncho onse 30 alowa pa kamemori khadi kakang'ono. Mwana mmodzi akakhala nawo, ena atenga ndi Bluetooth kapena Xender popanda bandulo. Sukulu ingathenso kuwaonetsa pa pulojekita ija nthawi ya pulepu.

Nditakamba zimenezi, mnyamata uja anakanda mutu. Ndipo ndinamumvetsa. Vidiyo yoyenda pa Bluetooth siiwerengedwa. Siponsa amafuna kuona manambala a mu YouTube Studio: anthu angati aonera, aonera mphindi zingati asanatseke. Popanda manambalawo, iye alibe chokaonetsa kuti apatsidwe ndalama ya chaka chamawa, ndipo chanelo yake siikula. Apa mpamene pali mfundo yeniyeni ya kalatayi: chimene chili chabwino kwa mwana wosauka, fayilo ya pa khadi, ndi chimene chilibe phindu kwa chanelo. Palibe woipa pamenepa, koma munthu afunika kusankha, ndipo kalata inasankha mwakachetechete. Mphunzitsi wina wa masamu pa sukulupo anapereka nzeru imene ndinaiona yoyenda: uthenga wa siponsa uli kale mkati mwa vidiyo, ukuyenda nayo kulikonse, choncho sukulu izingolemba chiwerengero cha ana amene analipo pa kuonetsa kulikonse, popanda mayina, a hedi n'kudinda. Siponsa alandire chiwerengero m'malo mwa mndandanda. Ngati koleji ikana zimenezo, mwadziwa chimene inali kufuna.

Ndikambeko za manambala a mu YouTube Studio, chifukwa kalata inanyadira chiwerengero cha olembetsa ku chanelo. Chiwerengero chimenecho sichikamba zambiri. A hedi akanafunsa chinthu chimodzi: pa vidiyo ya mphindi 10, anthu amaonera mphindi zingati? Pali mzere umene umaonetsa pamene oonera amathawira. Ngati theka lathawa mphindi ziwiri zisanathe, ndiye kuti aona uthenga wa siponsa wonse koma phunziro sanalione.

Nkhani ya nkhope za ana ndi imene inatenthetsa msonkhano wa komiti, malinga ndi mayi uja. Ati kholo lina linafunsa kuti, mwana wanga akalakwitsa ansa pa bolodi, vidiyo ikhalapo mpaka liti? Yankho loona ndi lakuti mpaka kalekale. Mwini chanelo angaifute, koma amene anaikopera kale sangawalande. Kadukidwe ka masekondi khumi ka mtsikana amene wasokoneza 7 kuchulukitsa ndi 8 kangathe kuzungulira pa mafoni a komboni yonse Sondo isanafike, yunifomu ikuonetsa sukulu, anzake akutchula dzina. Komanso pali ana amene pa zifukwa za m'banja safunika kudziwika kumene akuphunzira. Sukulu imawadziwa, wojambula sawadziwa.

Chimene ine ndinadabwa nchakuti phunziro la masamu silifuna nkhope ya mwana olo pang'ono. Lifuna bolodi, dzanja la mphunzitsi ndi mawu omveka. Ana 20 aja ali mu kalata chifukwa kalasi yodzaza ndi mayunifomu imaoneka bwino kwa siponsa. Kamera ikaikidwa kumbuyo, kuloza ku bolodi, vuto lonse latha, ndipo phunziro silinachepe. Ndipotu chimene chimapha mavidiyo otere si kusowa kwa nkhope koma mawu. Kalasi ya simenti ndi malata imabweza mawu, ndipo ngati mphunzitsi alibe kamaikolofoni ka pa kolala, chimene mumamva ndi phokoso la madesiki.

Pali zinthu ziwiri za YouTube zimene kalata sinatchule ndipo mwini chanelo amazidziwa. Choyamba, vidiyo yolipiridwa ndi siponsa imafunika kuchongedwa pamene ikuikidwa, kuti woonera aone mawu akuti Includes paid promotion poyambirira. Ndi kabokosi kamodzi chabe, ndipo sukulu ingafune kuti kazichongedwa nthawi zonse. Chachiwiri nchovuta. YouTube ili ndi ufulu woika malonda ake pa vidiyo, ndipo phunziro likatha imabweretsa mavidiyo ena amene mwini chanelo sanasankhe. Chizindikiro cha Made for kids chimatseka makomenti ndi malonda otsata munthu, koma chinapangidwira ana osafika zaka 13, osati a Giredi 12. Choncho lonjezo lakuti siponsa ndi mmodzi yekha limagwira mkati mwa vidiyo chabe. Zozungulira vidiyo sizili m'manja mwake. Makomenti angathe kuwatseka yekha, ndipo ngati muli ana mu vidiyo afunika kutero.

Za aphunzitsi sindikhalitsapo. K300 pa Chiwelu palibe angaikane, koma kalata sinakambe kuti vidiyo ndi ya ndani ikatha. Ngati ndi ya chanelo, mphunzitsi wagulitsa phunziro lake kamodzi, ndipo lingathe kukhala ndi siponsa wina chaka chilichonse iye osaonapo ngwee. Lingathenso kuikidwa m'gulupu yolipiritsa, ana a sukulu yomweyo n'kumauzidwa kuti atumize ndalama kuti aone aphunzitsi awo. Mzere umodzi ukwana: sukulu ili ndi ufulu wosunga, kukopera ndi kuonetsa mavidiyo kwa ana ake popanda malipiro, nthawi zonse. Palinso mapepala a mayeso akale. Mafunso aja ndi a bungwe la ECZ, ndipo chizindikiro cha umwini chimakhala pansi pa tsamba. Mphunzitsi kupanga funso lofanana nalo n'kulisova ndi ntchito yake ya masiku onse; kuonetsa pepala lonse pa sikirini, chizindikiro cha koleji chili pambali, ndi nkhani yofunika kufunsa eni ake. Ndipo popeza silabasi yatsopano inayamba kulowa mu 2025, ndi Fomu 1 m'malo mwa Giredi 8, vidiyo iliyonse ifunika kulembedwa silabasi imene ikutsata, kuti mng'ono wake wa mwana wa lero asadzaloweze zinthu zimene zinachotsedwa.

Chinanso chimene mnyamata uja sanadziwe nchakuti a hedi a sukulu ya boma sangangoti inde pa okha. Kulowetsa wamalonda m'kalasi, kujambula pa malo a sukulu ndi kugwiritsa ntchito dzina lake ndi zinthu zimene zimadutsa ku ofesi ya DEBS, ndipo nthawi zina kupitirira. Iye analemba kuti afuna kuyamba pakatha milungu iwiri. Aliyense amene anaperekapo kalata ku ofesi ya boma waseka kale.

A hedi sanakane. Anamuyankha ndi kalata yawo, yaifupi kuposa yake, imene mayi uja anandiwerengera pa foni. Afuna dzina la koleji ndi umboni wakuti ndi yolembetsedwa. Afuna pepala la PACRA la chanelo ngati ndi bizinesi, kuti adziwe amene akusainirana naye. Kamera iloze ku bolodi, ana asaoneke. Fomu ya mayina ndi manambala ichoke; mafunso a kumapeto asindikizidwe pa pepala, achonge ndi aphunzitsi. Mkulu wa dipatimenti ya masamu aziona vidiyo iliyonse isanatuluke, chifukwa kulakwitsa kumodzi pa bolodi kumakonzedwa mawa, koma kwa mu vidiyo kumaphunzitsa ana zikwi. Mafayilo aperekedwe pa fulashi. Ndipo ayambe ndi mavidiyo asanu, osati 30, a mitu imene ana anagwa kwambiri pa mayeso oyeserera, kenako aphunzitsi apereke kamayeso kakang'ono kuti aone ngati pali kusintha.

Mnyamata uja ati zambiri mwa izi sizimuvuta, ndipo nkhani ya kamera yamupeputsira ntchito chifukwa sadzathamangitsana ndi mafomu 20 a makolo. Chimene chamuima pakhosi ndi fomu ya manambala. Wapita nayo nkhaniyo ku koleji, ndipo pamene ndinali kulemba, anali atamuuza kuti popanda mayina ndalama iyenera kukambidwanso. Sanamuuze kuti itsika kufika pati.